Komishoni Yokha: Mmene Mayi wa Masola Anagwirira Ntchito Yaulere ku Kaunda Square

Chaka cha 2024 chinali cha mdima mu Lusaka. Mvula itakana, madzi a ku Kariba anatsika, ndipo pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. M'mwezi wa Malichi ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 patsiku. Pofika Seputembala, nyumba zambiri zinkaona malaiti maola atatu okha, nthawi zinanso pakati pa usiku anthu ali mtulo. Aliyense amene anali ndi chinthu chowala choti agulitse anaona kuti nyengo yake yakwana.

Mmodzi mwa anthu amenewa anali mayi wina wa kashopu ka zamagetsi pafupi ndi msika wa Kaunda Square Stage 1. Dzina tisiye. Anali ndi ndalama yosunga, kuphatikizapo ya chilimba ndi gawo lija la NAPSA limene boma linalola anthu kutapako mu 2023, limene bambo a kunyumba anali asanaligwiritse ntchito. Anapita ku Kamwala n'kukaoda timasola 100, tija tokhala ndi panelo yaing'ono, batire, mababu atatu ndi potchajira foni. Mitengo ndaiika yosavuta kuwerengera: kamodzi anagula K900, ndipo anaganiza zogulitsa K1,500 mwapang'onopang'ono. Wogula apereke dipoziti ya K300, kenako K100 sabata iliyonse kwa masabata 12.

Anadziwa kuti katundu wotereyu sayenda atangokhala pashelefu. Amafuna munthu wogogoda pakhomo, woyatsa babu pamaso pa mwini nyumba madzulo mdima ukuyamba. Koma ndalama yolipira antchito mwezi ndi mwezi analibe, ndipo mnzake wina anam'tsegula m'maso: "Amayi, masiku ano salipira salale. Mumangowapatsa komishoni. Wagulitsa wadya, sanagulitse simunaluze kanthu." Mawu amenewa anam'komera. Anamata mapepala pamitengo ya magetsi ndi pamasiteshoni a mabasi, kuyambira ku Munali mpaka ku Chelstone, onena kuti akufuna achinyamata amphamvu ogulitsa khomo ndi khomo, ndipo akhoza kupeza mpaka K5,000 pamwezi. Komishoni inali K200 pa sola iliyonse, yolandira Loweruka dipoziti ikangolowa.

Lolemba lake panafika achinyamata odzaza khonde, ena a ku Mtendere, ena a ku Kamanga, ena a pa Stage 2 pomwepa. Anatenga 20. Sanakane aliyense, poti ankati munthu wosalipidwa samudyera kanthu. Anawaphunzitsa ola limodzi, anajambulitsa mareji awo, n'kupatsa aliyense masola awiri m'chikwama.

Masabata anayi asanathe, masola onse 100 anali atapita. Mayi uja anavina. M'buku mwake munali madipoziti a K30,000, komishoni yotuluka K20,000, ndi ngongole ya K120,000 imene ankati ibwera yokha. Atachotsa K90,000 yoodera ndi komishoni, phindu linkaoneka K40,000. Mnyamata wina wolankhula mokoma anagulitsa yekha masola 18, ndipo anam'kweza kukhala mkulu wa gulu anzake akuwomba m'manja. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyeni tiyambe taona mwezi womwewo kuchokera kumbali ya ejenti, chifukwa masamu amenewa ndi amene mayi uja sanawerengere. Mtsikana wochokera ku Mtendere amafuna pafupifupi K30 ya basi kupita ndi kubwera. Masana adye kanthu, tinene K25. Aike K5 ya mayunitsi oimbira makasitomala. Ndiye kuti tsiku lililonse watulutsa K60 m'thumba mwake asanagogode khomo loyamba, ndipo m'masiku 24 a ntchito ndi K1,440. Tsono masola 100 pa anthu 20 ndi masola asanu aliyense, kutanthauza K1,000 pamwezi. Ejenti wapakatikati, m'mwezi umene mwini bizinesi ankavina, anataya K440 yake ndi nsapato zake. Chaka chomwecho malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba anali K1,300 pamwezi, ndipo thumba la ufa la makilo 25 linali litapitirira K300 m'mashopu ambiri. K5,000 ya papepala ija inafuna kuti munthu agulitse masola 25 pamwezi, kuposa imodzi tsiku lililonse la ntchito, ndipo palibe anafikako ngakhale mnyamata wa masola 18 uja.

Apa m'pamene pali nkhani yonse. Ntchito ya komishoni yokha si yaulere. Ndalama ya basi ndi ya nsima imatuluka ndithu, kungoti amayamba kuitulutsa ndi munthu wosauka kwambiri pa onse. Iye sangapirire nthawi yaitali. Sabata yoyamba ndi yachiwiri amagulitsa kwa azakhali, kwa a kutchalitchi, kwa aphunzitsi ake akale, ndipo zimaoneka ngati ntchito ndi yophweka. Sabata yachitatu abale atha, kwatsala mageti a anthu osam'dziwa. Pamenepo ena amangosiya osatsanzika. Otsalawo amayamba kufunafuna pena poti ndalama yawo ibwerere, ndipo malo ake ndi awiri okha: kwa kasitomala kapena kwa mwini katundu.

Mnyamata wa masola 18 uja anapeza njira yachidule, ndipo sindikuona kuti inafuna nzeru zambiri. Anaona kuti akapereka yekha dipoziti ya K300, Loweruka abwezeredwa K200. Ndiye kuti sola ya K1,500 waitenga pa K100. Akaigulitsa kashi m'tauni pa K800, wapindula K700 tsiku limodzi, pamene kugulitsa moona mtima kukanam'patsa K200 atayenda masiku awiri padzuwa. Ankangolemba dzina la munthu, nambala ya foni ya simu yakale, ndi nambala ya nyumba ya ku Kamanga imene palibe akanapita kukaiona. Pa masola 18, okwana 12 anapita motero. Pa iliyonse mayi uja anataya K900 yoodera ndi K200 ya komishoni, n'kulandira K300 yokha: K800 kuponya m'madzi.

Tinganene kuti mnyamatayo ndi wakuba, ndipo n'zoona. Koma khomo anam'tsegulira ndi mwini wake. Katundu akamagulitsidwa pangongole, dipoziti sikhala malonda. Ndi chiyambi chabe cha ngongole. Kulipira komishoni yonse pa dipoziti n'kuuza ejenti kuti chimene ukufuna ndi madipoziti, ndipo adzakubweretsera madipoziti. Zimenezi sizichitikira ochepa mphamvu okha. Mu 2016 banki ya Wells Fargo ku America inalipitsidwa chindapusa cha madola 185 miliyoni zitadziwika kuti antchito ake, pothamangitsa matageti, ankatsegulira anthu maakaunti iwo osadziwa, ndipo antchito oposa 5,000 anali atachotsedwa pa nkhaniyo. Ngati banki yokhala ndi owerengera ndalama ambirimbiri inagwa mu mbuna imeneyi, nanji mayi wa buku limodzi ndi bolopeni.

Chinyengo cha mayina abodza n'chosavuta kuchimvetsa. Chovuta kwambiri ndi chimene anachita maejenti amene sitingawatche akuba. Munthu wayenda kuyambira m'mawa, mageti akum'tsekera, ndipo madzulo mayi wina wa ku Chelstone akufunsa kuti, "Kodi mwanangu, iyi ingayatse TV?" Yankho loona ndi lakuti ayi, batire yake ndi ya mababu ndi foni basi. Koma ayi ameneyo ndi K200 imene ikuuluka, ndipo kunyumba kulibe ndiwo. Ndiye amati, "Imayatsa, amayi, bola ikhute dzuwa." Wina analonjeza kuti mababu amayaka usiku wonse, pamene atatu onse akayaka pamodzi batire inkatha pakati pa usiku. Wina anauza kasitomala kuti akalephera sabata ina palibe vuto, "Madamu ndi munthu wabwino." Makasitomala amenewa analipira masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, kenako anaumitsa mtima. Ankati ananamizidwa, ndipo sankanama.

Enanso anasiya kulipira pa chifukwa chopanda chiwembu. Ejenti amene anawagulitsa anali atasiya ntchito, ndipo palibe anabweranso kudzawakumbutsa. Iye anali atadya kale K200 yake. Kubwerera kukatolera K100 ya munthu wina pa basi yake kukanam'pindulira chiyani? Komanso ku Kaunda Square, monga m'makomboni ena a mu Lusaka, nyumba zambiri zili ndi zipinda za lendi kuseri. Mwezi ukatha anthu amasamuka, ndipo sola imalowa m'chikwama limodzi ndi mapoto. Mayi uja atafika pa nyumba ina ya pa Stage 2, alandilodi anangoti, "Aja anachoka pa 30, nanenso anandisiyira ngongole ya madzi."

Chimene chinam'pweteka kwambiri anachipeza ku Chelstone. Anapita kwa gogo wina amene m'buku ankaoneka kuti sanalipirepo chilichonse chiperekere dipoziti. Analowa ndi mawu okwera. Gogoyo sanayankhe, analowa m'chipinda n'kutuluka ndi kachitini ka tiyi. M'katimo munali timapepala tong'ambidwa m'kope la sukulu, tisanu ndi tiwiri, kalikonse kolembedwa K100, tsiku, ndi siginecha ya ejenti. "Mwana wanu amabwera Lachisanu lililonse," anatero. "Ndimam'patsanso madzi akumwa." Ejentiyo, yemwe anali mtsikana, atafunsidwa, analira. Anati sabata yoyamba anangobwereka kuti akwere basi, adzabweza akagulitsa. Sanagulitse. Makasitomala a mtundu uwu anapezeka asanu ndi atatu, ndipo mayi uja sakanawalipiritsanso, poti ndalama anaipereka kwa munthu amene iye mwini anam'tuma.

Masabata 12 atatha, buku linanena zake. Anthu 55 anamaliza kulipira, K66,000. Anthu 25 anaima pakati, ndipo onse pamodzi anapereka pafupifupi K15,000. Anthu 20 sanaonetse ngakhale ngwee imodzi m'buku. Kuphatikiza ndi madipoziti, zonse zolowa zinali K111,000, pamene zotuluka zinali K110,000. Phindu la K40,000 lija linasanduka K1,000, tisanawerenge mabasi ake ofunafuna anthu ndi masiku amene shopu inali yotseka. Choipa kuposa apa n'chakuti mwezi woyamba uja utam'sangalatsa, anali atatenga kaloba n'kuoda masola ena. Wa kaloba sadikira masabata 12.

Kodi akanadziwa bwanji zisanafike poipa? Zizindikiro zinalipo m'buku mwake momwemo kuyambira sabata yachiwiri, kungoti ankayang'ana mzere umodzi wa masola otuluka. Mzere wofunika unali wa malipiro oyamba, K100 ija ya pakatha masiku 7. Kasitomala weniweni, amene wangoona kumene ana ake akuwerenga usiku, kawirikawiri salumpha sabata yoyamba. Ejenti akakhala ndi makasitomala anayi ndipo atatu aphonya malipiro oyamba, vuto lili pa ejentiyo. Malonda a mnyamata uja ankabweranso onse Lachisanu madzulo, komishoni ili mawa lake. Madipoziti ake ankabwera kashi m'manja mwake kapena kuchokera pa nambala yake ya foni. Manambala a makasitomala ake ankakhala ozima. Ndipo munthu watsopano akamagulitsa kanayi kuposa anzake m'dera lomwelo, ndi katundu yemweyo, choyamba n'kupita kukaona nyumba zitatu mwa nyumba zake, kum'wombera m'manja kubwere pambuyo.

Makampani akuluakulu a masola a ngongole anaphunzira zimenezi kale. Fenix International, imene inalowa mu Zambia mu 2017 mogwirizana ndi MTN ndipo pambuyo pake inakhala gawo la ENGIE, inkagulitsa masola amene amadzitseka okha munthu akapanda kulipira, ndipo ndalama inkachoka pa foni ya kasitomala n'kupita ku kampani osadutsa m'thumba la ejenti. Sola yotsekeka ilibe mtengo pamsika wa katundu wakuba. Za ku Kamwala zija zinalibe loko wotero. Mayi uja anatengera mtengo wapang'onopang'ono wa makampani amenewa, n'kusiya zinthu ziwiri zimene zimaugwiriziza.

Wamalonda wamng'ono sangagule makina otseka sola, koma zina zonse angathe. Ndalama ya sabata ndi sabata ipite pa nambala ya shopu ya Airtel Money kapena MTN, ndipo kasitomala auzidwe ndi mwini wake, pa foni, tsiku loyamba, kuti ndalama yopatsa ejenti m'manja siwerengedwa. Foni yomweyo ndi imene imagwira bodza lisanakule. Mafunso ake ndi ochepa: mwagula pa mtengo wanji wonse pamodzi, muzilipira zingati pa sabata, anakuuzani kuti imayatsa chiyani, nyumba ndi yanu kapena ya lendi. Ejenti ayende ndi sola imodzi yoonetsa. Yogulitsayo akaipereke munthu wina, amene aone khomo ndi maso ake n'kulemba nambala ya alandilodi kapena ya wachibale.

Komishoni nayo igawidwe. K200 yomwe ija, K50 ituluke foni yotsimikiza ikatheka, K50 kasitomala akalipira masabata anayi, K100 akamaliza. Mukatero, njira ya mnyamata uja yafa, ndipo ejenti ali ndi chifukwa chosankha wogula amene angamalize, chomuuza zoona, ndi chobwerera kukam'chezera. Koma apa ndichenjeze, chifukwa ambiri amamva theka la malangizo amenewa n'kuthamanga nalo. Mukachedwetsa komishoni popanda kupereka kanthu koyendera, mwangowonjezera njala imene inabala chinyengo chija. Kugawa komishoni kumayenda pamodzi ndi ndalama ya basi, makamaka masabata awiri oyamba. Anthu asanu ndi mmodzi pa K30 patsiku kwa masiku 12 ndi K2,160. Masola atatu okha obedwa ndi K2,400.

Ndati asanu ndi mmodzi dala. Kutenga anthu 20 pa masola 100 kunali kuwagawira umphawi. Ankakumana pa geti limodzi, mpaka anthu a m'misewu ina anayamba kuwathamangitsa asanalankhule. Mikangano inali yosatha: uyu anaonetsa sola Lachiwiri, uyo n'kudzatenga dipoziti Lachisanu, komishoni ndi ya yani? Mayi uja ankaweruza mokomera amene wabweretsa ndalama, ndipo olimbikira anaphunzira kuti kufotokoza bwino n'kulimira mnzako. Dera ligawidwe ndi misewu, lilembedwe, ndipo munthu amene walemba dzina la kasitomala m'buku poyamba akhale mwini wake kwa masabata awiri. Si dera lililonsenso loyenera katundu wanu. Awiri amene anatumidwa ku Kabulonga ndi ku Woodlands anathera mlungu wonse akulankhula ndi alonda pa mipanda yaitali, kuseri kukulira majenereta. Kumayadi munthu amafuna sola yoyendetsa filiji ndi pampu ya madzi, ndipo saigula kwa mwana wa chikwama.

Pali mbali ina imene inam'dzidzimutsa. Mmodzi wa osiya ntchito anabwera ndi amalume ake, munthu wodziwa za malamulo a ntchito, kudzafunsa malipiro a mwezi. Mayi uja anati, "Koma bambo, ameneyu sanali wantchito, anali ejenti." Amalumewo anafunsa modekha kuti ndani ankalamula kuti afike 7 koloko, ndani ankadula K20 kwa wochedwa, ndani ankaletsa kugulitsa katundu wina. Yankho linali limodzi. Dzina limene mwam'patsa munthu silithetsa nkhani. Oyang'anira za ntchito ndi makhoti amaonanso mmene mumam'lamulira. Lamulo la ntchito la 2019, Employment Code Act, limaletsa kusunga munthu ngati waganyu pa ntchito imene ndi yokhalitsa, ndipo akapezeka kuti ndi wantchito, pamabwera za malipiro otsikitsitsa, NAPSA ya 5 peresenti mbali iliyonse, ndi NHIMA. Ngati mukufuna ejenti weniweni, musiyeni asankhe maola ake, ndipo mgwirizano ulembedwe: komishoni yake, nthawi yolandira, ndi chimene chidzachitike ndi komishoni yotsala akasiya. Ngati mukufuna wofika 7 koloko, mulipireni ngati wantchito. Kumbali ya wogula nako, bodza la ejenti silithera pa ejenti. Kasitomala wonamizidwa akapita ku bungwe loteteza ogula la CCPC, amatchula shopu imene ili pa lisiti.

Za mnyamata wa masola 18, mayi uja anakanena ku polisi, koma chimene anali nacho ndi fotokope ya reji yokha. Sanafunsepo kumene amakhala, sanaimbirepo wachibale, analibe munthu wom'imira. Pa anthu 20 aja, amene akanatha kuwalondola mpaka pakhomo sanapitirire anayi. Kufunsa zimenezi kukanam'tengera masana amodzi, koma ankaona ngati munthu wosalandira malipiro sangafunsidwe zambiri, n'kuiwala kuti ankam'senzetsa katundu wa K3,000.

Ine mlandu waukulu ndimauika pa pepala lija lomata pamtengo. Linalonjeza ndalama imene mwini wake sanawerengerepo ngati ingatheke, ndipo linakoka anthu amene analibe pogwira, amene sakanatha kudzilipirira mwezi wathunthu wa kuyenda. Ochenjera anaona msanga n'kuchoka, oona mtima anapirira mpaka kugwa m'ngongole, ndipo wopindula anakhala mmodzi yekha. Shopu ija ilipobe. Masola a ulendo wachiwiri anawagulitsa kashi pa mtengo wotsika kuti athane ndi wa kaloba, ndipo lero ali ndi oyenda atatu okha, onse odziwika makomo awo.

Inu amene mukuganiza zolemba pepala lotero, musanapite kokasindikiza, tengani bolopeni. Lembani ndalama imene ejenti wanu adzatulutse pa basi, chakudya ndi foni m'mwezi umodzi. Lembani katundu amene munthu wamba, osati katswiri, angagulitse m'sabata yachitatu abale atatha. Ngati komishoni yake sikupitirira zimene watulutsa, musamatebe pepalalo. Konzani kaye mtengo, dera kapena chiwerengero cha anthu. Ndipo inu achinyamata, musanavale chikwama, funsani mwini ntchito kuti akuonetseni m'buku zimene ejenti wapakatikati analandira mwezi watha.